Nkhani Yaifupi Yalembedwa, Tsono Kukonza Kuyambire Pati?

Mlembi akamaliza kulemba nkhani yaifupi koyamba, kawirikawiri amathamangira kusaka zilembo zolakwika, mipumiro yosowa ndi mawu obwerezedwa. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma ndi yomaliza. Nkhani imatha kukhala ya Chichewa chosalala koma wowerenga n'kuisiya pa ndime yachitatu, chifukwa yachedwa kuyamba, yathamanga pofunika kudekha, kapena yatha mosakhutiritsa. Pali zinthu zitatu zoyenera kuyamba kuziweruza: chiyambi, mayendedwe ndi mathero. Ndipo mwa zitatuzi, choyamba kukonza ndi mathero.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti mnzathu watipatsa nkhani ya mawu 2,000 kuti timuwerengere. Mwininkhani ndi Nabanda, mayi wamasiye amene amasunga bokosi la banki m'khonde. Tsiku lina mnzake wa m'gululo, Naphiri, akuthamangira kukadikirira matenda kuchipatala, amusiyira K80,000 yobweza ngongole kuti akaipereke pa msonkhano. Sabata yomweyo mwana wa Nabanda abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo mayiyo alipira ndi ndalama ija poganiza kuti abweza akagulitsa soya. Soya sanayende malonda. Lero ndi tsiku logawana ndalama, buku likusonyeza kuti Naphiri sanabweze ngongole, ndipo mwini wakeyo akadali kuchipatala.

Nkhani ilipo, ndipo ndi yabwino. Tiyeni tione mmene yagonera papepala. Mawu 600 oyamba akufotokoza kulira kwa tambala, kutuluka kwa dzuwa, kusesa pabwalo ndi maonekedwe a mudzi. Mawu 700 otsatira akutibweza m'mbuyo: ukwati wa Nabanda, imfa ya mwamuna wake, ndi mmene ndalama ija inadyedwera. Mawu 350 ndi a ulendo wopita kumsonkhano ndi malonje a m'njira. Msonkhano weniweniwo wapatsidwa mawu 200. M'mawu 150 otsiriza, mchimwene wa Nabanda atulukira kuchokera ku Joni, alipira K80,000 yonse, ndipo mlembi atseka ndi mwambi wolangiza za kukhulupirika.

Funso limodzi lisanafike cholembera

Werengani nkhani yonse kamodzi osaima ndiponso osalemba kanthu. Mukatero yankhani m'chiganizo chimodzi: ndani akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani, ndipo pomaliza wasankha kuchita chiyani? M'chaka cha 1842, mlembi wa ku America Edgar Allan Poe, pounika nkhani za Nathaniel Hawthorne, anaphunzitsa kuti nkhani yaifupi iziwerengedwa nthawi imodzi ndipo izisiya chinthu chimodzi mumtima mwa wowerenga, chiganizo chilichonse chizitumikira chinthu chimenecho. Funso lathuli likusaka chinthu chimodzicho.

Pa nkhani ya Nabanda, mbali ziwiri za funsoli zikuyankhika. Akufuna kusunga ulemu wake, ndipo chomutchinga ndi chakuti akakhala chete, mlandu ugwera mnzake wosalakwa. Koma mbali yachitatu ilibe yankho. Nabanda sanasankhe kanthu. Wamusankhira ndi mchimwene wake amene sitinamumvepo m'mawu 1,850 oyamba aja. Apa ndiye pali matenda aakulu a nkhaniyi.

Mathero: ayenera kubadwa m'nkhani momwemo

Mathero ofooka amadziwika ndi zizindikiro zitatu. Choyamba ndi mpulumutsi wochokera kunja, monga wachibale wolemera, kalata ya chuma chamasiye kapena ngozi ya galimoto yopha woipa. Chachiwiri ndi kudzidzimuka kutulo, mwininkhani n'kupeza kuti onse aja anali maloto. Pamenepa wowerenga amaona kuti wadera nkhawa pachabe. Chachitatu ndi ulaliki, pamene nkhani yatha kale koma mlembi akupitiriza kutiuza phunziro lake. Panthano ya madzulo, agogo amatha kufunsa adzukulu zimene aphunzirapo, chifukwa ali nawo pamodzi ndipo cholinga n'kuwalera. Wowerenga nkhani yolembedwa amafuna kulipeza yekha phunzirolo, ndipo mukamutafunira amamva ngati mwamuchepetsa.

Muyeso wake ndi wosavuta. Phimbani ndime yotsiriza ndi dzanja, muwerenge kulekezera pamwamba pake. Ngati nkhani ikumveka yathunthu, ndime yophimbidwayo ichoke. Kenaka funsani ngati chimene chathetsa vutolo chinaonekapo kale m'nkhani. Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia amene anamwalira mu 1904, amadziwika ndi langizo lakuti mfuti ikaonetsedwa koyambirira iyenera kudzalira kutsogolo. Langizoli limagwiranso ntchito mukalitembenuza: chimene chidzalire pamapeto chiyenera kuoneka poyamba.

M'nkhani yathu muli kale chinthu chotere, koma mlembi sanachizindikire. Pa tsiku limene Naphiri ankapereka ndalama, anabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 12. Mwanayo ndiye angatumidwe kumsonkhano kudzalandira gawo la amayi ake. Mlembi wa gulu akuwerenga kuti Naphiri adulidwa K80,000 ndi chiwongoladzanja, mwanayo sakunena kanthu, wangoyang'ana Nabanda. Tsopano Nabanda alibe kothawira: aimirire aulule, kapena aweramitse mutu. Lililonse mwa mathero awiriwa lingagwire, malinga ndi zimene mlembi akufuna kunena za munthu. Chofunika n'chakuti chisankho chikhale cha Nabanda ndipo chimudyere kanthu. Mchimwene wa ku Joni ndi mwambi uja zichoke.

Chifukwa choyambira kumathero ndi chakuti ndiwo amakuuzani zofunika ndi zosafunika m'mbali zina zonse. Palibe amene amapaka laimu khoma limene akudziwa kuti mawa aligwetsa. Mlembi akanayamba ndi kukometsa mawu 700 a mbiri ya ukwati aja, akanataya masiku pa ndime zimene mathero atsopano sakuzifuna.

Chiyambi: nkhani iyambe pamene mtendere wasokonekera

Mathero akakhazikika, bwererani kutsamba loyamba ndipo musake chiganizo choyamba chimene chikusonyeza kuti pali vuto. Chongani pamenepo, muwerenge mawu amene ali pamwamba pake. M'nkhani ya mawu 2,000, vuto liyenera kununkha m'ndime yoyamba kapena yachiwiri. Kwa Nabanda, ndalama ija ikutchulidwa koyamba mawu oposa 1,000 atadutsa. Tambala, dzuwa ndi tsache zinathandiza mlembi kulowa m'nkhani pamene ankalemba, koma wowerenga sakuzifuna.

Chiyambi chatsopano chingamupeze Nabanda ali m'chipinda m'mawa wa tsiku logawana, akuwerenganso ndalama za pa nsonga ya chitenje, n'kupeza K11,500 yomwe ija anaipeza dzulo. Panja mwana wa Naphiri akuodira: “Odi kuno! Amayi akuti ndipite nanu limodzi kumsonkhano.” M'mizere yochepa wowerenga wadziwa mwininkhani, wadziwa kuti ndalama yaperewera, ndipo waona mwana amene adzafunike pamapeto. Ali ndi funso lomukoka kuti apitirize.

Pali msampha wina wa mbali inayo. Alembi ena akamva kuti chiyambi chizikoka, amayamba ndi mfuu, magazi kapena maliro zimene nkhani yotsatirayo siikukhudzana nazo. Chiyambi ndi lonjezo. Mukayamba ndi mpeni, wowerenga adikira nkhani ya mpeni, ndipo akapeza ya banki m'khonde aona kuti mwamunamiza. Muyeso wabwino ndi kuwerenga ndime yoyamba ndi yotsiriza motsatizana, kusiya zonse za pakati. Ngati yotsirizayo ikuyankha funso limene yoyamba yadzutsa, ziwirizo ndi za nkhani imodzi.

Mayendedwe: mawu ambiri apite pamene pali moto

Mayendedwe a nkhani ndi kagawidwe ka mawu. Mlembi ali ndi njira ziwiri. Angathe kuonetsa chochitika, anthu akuyankhulana ndi kuchita zinthu wowerenga akuona, ndipo nthawi imayenda pang'onopang'ono. Angathenso kungofotokoza mwachidule, miyezi itatu n'kudutsa m'chiganizo chimodzi. Nkhani imalemera pamene zosafunika zaonetsedwa mwatsatanetsatane, ndipo imathamanga pamene zofunika zangofotokozedwa.

Kuti muone zimenezi, lembani m'mphepete mwa chigawo chilichonse chiwerengero cha mawu ake ndi chimene chasintha m'chigawocho. Pa ulendo wa mawu 350 uja, Nabanda wanyamuka ali ndi mantha ndipo wafika ali ndi mantha omwewo. Palibe chasintha, choncho mawu 50 akukwanira. Malonje ndi ulemu wathu, koma papepala safunika kulembedwa onse, pokhapokha ngati akubisa kanthu. Mwachitsanzo, wapampando akanena kuti, “Anabanda, ife timagona tulo chifukwa bokosi lili kwa inu,” moni ameneyo akulasa, ndipo ayenera kukhala.

Mbiri ya mawu 700 ija itsike kufika pa 300, ndipo isaunjikidwe pamalo amodzi. Imfa ya mwamuna ingakwane m'ziganizo ziwiri. Tsiku limene Naphiri anabweretsa ndalama ndilo lofunika kulionetsa, chifukwa mathero atsamira pamenepo. Msonkhano, umene unali ndi mawu 200, ukwere kufika pafupifupi 1,000. Tione osunga makiyi atatu akutsekula maloko, ndalama zikuwerengedwa pa mphasa, maina akuitanidwa limodzilimodzi kuyandikira la Naphiri, ndi amayi ena akuyamba kung'ung'udza za anthu okongola osabweza. Dzina lililonse loitanidwa likumuchepetsera Nabanda nthawi. Ndi chiyambi cha mawu 150 ndi mathero a mawu 100, nkhani yonse ikhala ya mawu 1,600, yaifupi kuposa kale koma yodzaza.

Njira ina yoyezera ndi kupempha munthu wosaidziwa nkhaniyo kuti aiwerenge, achonge pamene maganizo ake anayamba kuyendayenda ndi pamene anabwerera m'mbuyo chifukwa sanamvetse. Musamufunse ngati yamusangalatsa, pakuti mnzanu adzavomera posafuna kukukhumudwitsani. Mufunseni kuti akufotokozereni nkhaniyo ndi mawu ake. Zimene waiwala kutchula nthawi zambiri ndi zomwe zingachoke, ndipo akalephera kunena chimene mwininkhani anasankha, ndiye kuti mathero sanapse.

Zitatuzi zikakhala m'malo mwake, isiyeni nkhaniyo masiku angapo, kenaka muiwerenge mokweza. Apa ndiye nthawi ya chiganizo ndi liwu: kuchotsa miyambi yochuluka n'kusiya umodzi woyenera pakamwa pa woyankhula, kuonetsetsa kuti mwana akuyankhula ngati mwana ndipo wapampando ngati wapampando, kukonza zilembo ndi mipumiro. Ngati mukutumiza kunyuzipepala kapena kumpikisano, onaninso malire a mawu amene aikidwa, ndipo podula yambirani ku zigawo zimene m'mphepete mwake munalemba kuti palibe chasintha.