Mwazulitsa dzino lakumapeto: ululu uti ndi woyembekezeka, uti ndi wobwerera nawo kuchipatala?

Mano anayi akumapeto kwenikweni kwa nsagwada ndi amene amamera mochedwa, nthawi zambiri munthu ali ndi zaka zapakati pa 17 ndi 25. Akapeza malo atatha amamera mopendeka kapena kukanirira m'nkhama, ndipo polichotsa dzino lotere dokotala amatha kucheka nkhama, kuligawa zidutswa kenaka n'kusoka. Bala lake liwawa ndithu. Chofunika kuyang'anira ndi kumene ululuwo ukulowera: kodi ukucheperachepera, kapena wayambiranso utasiya kale?

Tiyerekeze mwazulitsa Lolemba m'mawa. Dzanzi la jakisoni litha pakapita maola angapo, ndipo madzulo ululu uyamba. Malovu aoneka ofiirira tsiku lonselo, koma zimenezo zisakuopseni. Lachiwiri ndi Lachitatu tsaya litupa kwambiri, kuyasamula kuvuta. Apa ambiri amaganiza kuti zinthu zalakwika, pamene ndi mmene bala lotere limayendera. Kuyambira Lachinayi m'mawa uliwonse uyenera kukhala wabwinoko kuposa dzulo lake. Ikamatha sabata ambiri amakhala atasiya mankhwala opha ululu. Ulusi wosungunuka wokha umachoka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, nkhama zimatseka bowolo m'sabata zitatu kapena zinayi, koma fupa lapansi limatenga miyezi kuti lidzaze.

Zonsezi zimadalira kanthu kakang'ono: magazi amene amaundana m'bowo mmene munali dzino. Ali ngati nkhanambo pa chilonda. Amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamera pomwepo. Akachoka kapena kusungunuka msanga, fupa limatsala pamtunda, mpweya ndi chakudya n'kumaligunda. Vutoli madokotala a mano amati dirayi soketi, ndipo limakonda mano am'munsi, anthu osuta fodya ndi amayi amene akumwa mapiritsi olera.

Kulizindikira sikuvuta. Munthu anali atayamba kupeza bwino, kenaka pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ululu umabwera wamphamvu kuposa woyamba uja, wogunda, wokwera mpaka kukhutu ndi m'mutu mbali yomweyo. Panado sagwira, tulo sitibwera. M'kamwa mumatuluka fungo loipa, malovu amakoma moipa ngakhale mutsuke bwanji. Mukaunika ndi tochi pagalasi, m'malo mwa magazi akuda oundana mumaona bowo lopanda kanthu, mwina ndi fupa loyererako pansi pake. Kachiyangayanga koyera pamwamba pa bala losawawa si vuto ayi, ndi mnofu umene ukumera, ndiye musakatokose.

Zikatere bwererani kumene munazulitsa. Dokotala amatsuka bowolo n'kuikamo kansalu kamankhwala, ndipo ululu umatsika tsiku lomwelo. Nthawi zina amasintha kansaluko pakapita masiku angapo. Makapisozi ogula pagolosale sathetsa vutoli, chifukwa gwero lake ndi fupa losaphimbika. N'kutaya ndalama chabe.

Ntchito yanu yaikulu ili m'maola 24 oyamba. Lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi 30. Musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musamwere kapaipi, ndipo lilime lisapitepite pabalapo, ngakhale limafunitsitsa. Fodya muiwale kwa masiku osachepera atatu, mowa nawonso udikire. Kulima, kunyamula katundu ndi kupalasa njinga zimadzutsanso magazi. Mawa lake yambani madzi amchere: theka la supuni yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda, mukatha kudya komanso pogona. Muziwayendetsa pang'onopang'ono n'kuwasiya agwe okha m'kamwa. Mano enawo tsukani ndi mswachi monga mwa masiku onse, mosamala pafupi ndi bala.

Idyani phala lopola, nthochi yakupsa, mazira, mbatata yophwanyaphwanya ndi nsima yofewa, mukutafunira mbali inayo. Mtedza, chimanga chokazinga ndi nzimbe zidikire.

Munthu wamkulu angamwe panado awiri a mamiligalamu 500 maola asanu ndi limodzi alionse, osapitirira mapiritsi asanu ndi atatu patsiku. Bulufeni amathandiza pa kutupa, koma amamwedwa mutadya, ndipo amene ali ndi zilonda zam'mimba, matenda a impso, mphumu kapena pathupi ayambe afunsa kuchipatala. Asipulini musamugwiritse ntchito popha ululuwu chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi. Ngati mumamwa kale pa matenda ena, dokotala adziwe asanazule.

Pali zina zosadikira n'komwe. Thupi likatentha, kutupa kukamakula tsiku lachitatu litadutsa, mafinya akamatuluka, kapena magazi akakana kusiya mutaluma thonje kawiri konse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Dzanzi la mlomo kapena lilime likafika mawa lake, dokotala adziwe. Mukayamba kuvutika kumeza kapena kupuma, nyamukani ngakhale ndi pakati pa usiku.