Kuyeza kanayi, kuponda kamodzi

Tsegulani mpopi wa pansi pa thanki yodzaza madzi. Poyamba madzi amatuluka mwamphamvu, koma akamachepa m'thankimo amayamba kutuluka mofooka, chifukwa liwiro lawo limadalira madzi amene atsala. Ndiye funsani kuti pakatha ola limodzi mudzatsala madzi ochuluka bwanji. Kuti muyankhe muyenera kudziwa liwiro, koma kuti mudziwe liwiro muyenera kudziwa madzi otsala. Funso lotere akatswiri a masamu amalilemba mwachidule kuti y′ = f(t, y). Apa t ndi nthawi, y ndi kuchuluka kwa chinthucho, ndipo f ndi lamulo lonena liwiro limene y akusinthira pa nthawiyo. Imeneyi ndiyo difarenshiyo ikweshoni. Zambiri mwa izo zilibe fomula yopereka yankho kamodzi n'kamodzi, choncho timayenda nazo pang'onopang'ono, sitepe imodziimodzi, ndipo kutalika kwa sitepe timakutcha h.

Njira yakale, imene Leonhard Euler anafotokoza mu 1768, njosavuta: yezani liwiro pamene mwaimapo, muyende sitepe yonse ngati kuti liwirolo silisintha, kenaka muyezenso. Vuto lake likuonekeratu pa thanki ija. Liwiro limasintha muli m'kati mwa sitepe, ndiye mumafika pophonya. Carl Runge wa ku Germany mu 1895 anaona kuti ndi bwino kuyeza liwiro kangapo m'kati mwa sitepe imodzi musanaponde. Karl Heun anapitiriza ganizoli mu 1900, ndipo mu 1901 Wilhelm Kutta anatulutsa njira yoyeza kanayi imene lero m'mabuku ndi m'makompyuta imadziwika kuti RK4.

```
k1 = f(t, y)
k2 = f(t + h/2, y + h*k1/2)
k3 = f(t + h/2, y + h*k2/2)
k4 = f(t + h, y + h*k3)
y_new = y + h*(k1 + 2*k2 + 2*k3 + k4)/6
```

M'mawu wamba zikutanthauza izi. Yezani liwiro poyambira, ndilo k1. Ndi liwiro limenelo suzumirani pakati pa sitepe, muyeze liwiro la pamenepo, ndilo k2. Bwererani poyambira, musuzumirenso pakati pomwepo koma pogwiritsa ntchito k2, mupeza k3. Ndi k3 suzumirani kumapeto kwa sitepe, mupeza k4. Mukatero ndi pamene mumapondadi, ndi liwiro losakaniza anayiwo, awiri apakati aja mutawawerengera kawirikawiri.

Njirayi amati ndi ya mlingo wachinayi. Ophunzira ambiri amaganiza kuti dzinali labwera chifukwa choyeza kanayi, ndipo maganizo amenewa ndi amene ndikufuna tiwachotse. Mlingo umanena za mmene kuphonya kumachepera mukafupikitsa sitepe. Pa njira ya Euler, ya mlingo woyamba, mukadula sitepe pakati kuphonya kumatsala theka. Pa RK4 kumachepa pafupifupi ka 16, chifukwa 2 × 2 × 2 × 2 ndi 16. Kuyeza kanayi pakokha sikubweretsa zimenezi. Mungathe kuyeza kanayi n'kusakaniza molakwika, mlingo wanu n'kukhala woyamba womwewo. Chimene chikugwira ntchito ndi manambala aja: matheka awiri, 1, 2, 2, 1 ndi 6.

Kuti tione mmene akugwirira ntchito, titenge ikweshoni imene yankho lake tikulidziwa kale, y′ = y, kuyambira pa y = 1. Ichi ndi chinthu chimene chimakula molingana ndi kukula kwake, ngati tizilombo ta yisiti tikamaswana m'chakudya chokwanira. Sitepe ikhale h = 0.1. Poyambira liwiro ndi 1, ndiye k1 = 1. Kusuzumira pakati kukutifikitsa pa 1 + 0.05 × 1, choncho k2 = 1.05. Kusuzumiranso ndi k2 kukupereka 1 + 0.05 × 1.05, choncho k3 = 1.0525. Kumapeto tili pa 1 + 0.1 × 1.0525, choncho k4 = 1.10525. Tikaphatikiza 1, 2.1, 2.105 ndi 1.10525 tipeza 6.31025. Tigawe ndi 6, tichulukitse ndi 0.1, tiwonjezere pa 1 uja, yankho ndi 1.10517083. Yankho lenileni ndi 1.10517092. Euler akanatipatsa 1.1 basi. RK4 yalondola mpaka nambala yachisanu ndi chimodzi pambuyo pa kadontho, ndi masamu amene mungachite ndi pensulo kuseri kwa kope.

Tsopano tichitenso zomwezo, koma h timusiye ngati chilembo. Apa ndi pamene chinsinsi chimaonekera. Tipeza k1 = 1, k2 = 1 + h/2, k3 = 1 + h/2 + h²/4, ndi k4 = 1 + h + h²/2 + h³/4. Onani mmene kuyeza kulikonse kukunyamulira kwam'mbuyo mwake, n'kukwezera h mphamvu imodzi. Tikasakaniza monga fomula ikunenera, k1 + 2k2 + 2k3 + k4 ndi 6 + 3h + h² + h³/4, ndipo tikachulukitsa ndi h/6 n'kuwonjezera pa 1 tipeza

1 + h + h²/2 + h³/6 + h⁴/24.

Nanga yankho lenileni? Pali njira imene Brook Taylor anasindikiza mu 1715 yolembera yankho losalala ngati mndandanda wa zidutswa, chidutswa cha h, cha h², cha h³, mpaka kutsogolo kosatha, chilichonse chocheperapo kuposa chinzake ngati h ali wamng'ono. Pa ikweshoni yathu mndandandawo ndi 1 + h + h²/2 + h³/6 + h⁴/24 + h⁵/120, n'kumapitirira. Ikani mizere iwiriyi pamodzi. Ikufanana ndendende mpaka pa h⁴, ndipo choyamba kusowa ndi h⁵/120. Pa h = 0.1 chidutswa chimenechi ndi 0.000000083, pafupifupi kusiyana komwe tinakuona pakati pa 1.10517083 ndi 1.10517092. Ine mpaka lero ndimachita nazo chidwi kuti kuphonya kwa njirayi tingathe kukuloza ndi chala tisanawerengere n'komwe.

Wina afunsa kuti, ngati sitepe imodzi ikuphonya ndi h⁵, bwanji sitikunena mlingo wachisanu? Chifukwa ulendo si sitepe imodzi. Mukadula sitepe pakati, kuphonya kwa sitepe iliyonse kumachepa ka 32, koma masitepe achuluka kawiri, ndiye pofika kumapeto phindu lanu ndi 16. Mphamvu imodzi ya h imathera m'kuchuluka kwa masitepe.

Chitsanzo chathuchi, ngakhale chili chokoma, si umboni wokwanira. Ikweshoni ya y′ = y njofatsa kwambiri. Pa f wina aliyense, liwiro limadalira y, y naye akusintha ndi liwiro lomwelo, ndipo mukamatsata kusintha kwa kusinthako zidutswa za Taylor zimaphuka nthambi. Pa h pali nthambi imodzi, pa h² imodzinso, pa h³ ziwiri, pa h⁴ zinayi. Nthambi iliyonse iyenera kufanana payokha ndi inzake ya m'njira yathu, chifukwa f sitikumudziwa ndipo sitingayembekeze kuti zolakwika zifafanizana zokha. Zonse pamodzi ndi mfundo 8 zoti zikwaniritsidwe. Manambala amene tili ndi ufulu wosankha m'njira yoyeza kanayi alipo 10: anayi osakanizira pomaliza, ndi 6 onena kuti kuyeza kulikonse kutenge zochuluka bwanji kwa kumene kunachitika kale.

Zinayi mwa mfundozi tazitsimikiza kale ndi y′ = y. Zina zimaoneka pamene liwiro likudalira nthawi yokha. Pamenepo k2 ndi k3 amafanana, ndipo kusakaniza kuja kumasanduka 1, 4, 1 kugawa ndi 6, lomwe ndi lamulo lakale la Simpson loyezera malo a pansi pa mzere wokhota. Runge anayambira pa malamulo otere. Tiyese imodzi: tengani malo oyezera 0, 1/2, 1/2 ndi 1, lililonse mulichulukitse lokha, kenaka muchulukitse ndi gawo lake 1/6, 1/3, 1/3 ndi 1/6. Mupeza 0 + 1/12 + 1/12 + 1/6, yomwe ndi 1/3, nambala yeniyeni imene Taylor akufuna. Mayeso awiriwa pamodzi amakhudza mfundo 6. Ziwiri zotsala zimabisala, sizioneka m'mayeso onse awiri. Imodzi imafuna 1/8, ndipo manambala a Kutta amapereka 1/24 + 1/12. Inayo imafuna 1/12, ndipo amapereka 1/24 + 1/24. Zonse zakwana.

Popeza mfundo ndi 8 pamene manambala ndi 10, mayankho alipo ambiri. Kutta yemweyo anapereka njira ina ya mlingo wachinayi yosakaniza ndi 1, 3, 3, 1 kugawa ndi 8. Imene inatchuka ndi yathuyi, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa kuyeza kulikonse kumangofuna kwam'mbuyo mwake kokha, zomwe zinkapepuza ntchito kwa anthu owerengera pamanja.

Umboni wina woti mlingo si chiwerengero cha kuyeza ndi wakuti mukafuna mlingo wachisanu nthambi 9 zimawonjezereka, mfundo n'kukhala 17. John Butcher wa ku New Zealand, amene kuyambira 1963 anasanja nthambizi pozijambula ngati timitengo, anatsimikiza kuti kuyeza kasanu sikungapereke mlingo wachisanu m'njira za mtundu uwu. Pamafunika kuyeza ka 6. Kufanana kwa manambala awiriwa kumathera pa 4.

Njirayi ili ndi malire ake. Zonse tanenazi zatsamira pa Taylor, ndipo Taylor amafuna f wosalala. Wina akatseka mpopi uja mwadzidzidzi muli pakati pa sitepe, mlingo wachinayi umatayika pa sitepe imeneyo. Chofunika ndi kuthetsa sitepe pa nthawi yotsekayo n'kuyamba ina. Vuto lachiwiri ndi sitepe yaitali pa chinthu chozilala msanga. Pa y′ = −30y yankho lenileni limathamangira ku 0, koma mukatenga h = 0.1 sitepe iliyonse imachulukitsa y ndi 1 − 3 + 4.5 − 4.5 + 3.375, yomwe ndi 1.375, ndiye manambala amakula m'malo mochepa. Pa ikweshoni zotere h kuchulukitsa ndi nambala ija, 30 m'chitsanzo chathu, zisapitirire 2.78.

Ngati mwalemba RK4 pa kompyuta kapena mwawerengera pamanja, iyeseni motere. Yendetsani y′ = y kuchoka pa t = 0 kufika pa t = 1. Ndi masitepe 10 mupeze 2.7182797, pamene yankho lenileni ndi 2.7182818, kuphonya kwa 0.0000021. Ndi masitepe 20 kuphonya kutsike kufika pa 0.00000014, kuchepa koposa pang'ono ka 15. Mukaona kwangochepa kawiri kapena kanayi, pali pamene mwalakwitsa, mwina mwaika k1 pofunika k2, kapena mwaiwala theka. Koma musalekere pomwepo, pakuti mayesowa amangoona mfundo zinayi mwa 8 zija. Yesaninso ndi y′ = y², kuyambira pa y = 1 kufika pa t = 0.5, pamene yankho lenileni ndi 2.