Mbuzi ya Agogo yasowa: kasewero kophunzitsa ana kulankhula ndi kumvetsera

Mwana wa zaka 8 akakhala pabwalo la masewera mawu ake amamveka mpaka kumsewu. Koma mwana yemweyo mukamuimika kutsogolo kwa kalasi n'kumufunsa funso, amazyolika, mawu n'kuthera pachifuwa. Ena amati ndi manyazi. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri ndi ulemu umene tinamuphunzitsa tokha kunyumba: pamaso pa akuluakulu sukweza mawu, suyang'ana munthu m'maso. Mwamboyo ndi wabwino, ndipo palibe chifukwa chouthetsera. Chimene mwanayu akusowa ndi mpata woti adziwe kuti munthu angathe kulankhula momveka bwino ali waulemu ndithu, ndiponso kuti kulankhula pagulu kuli ndi nthawi yake. Kasewero kakafupi ka m'kalasi kamapereka mpata umenewu, bola kakhale kolembedwa ndi cholinga chimenechi.

Ku Malawi mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, choncho wa zaka 8 timamupeza mu Sitandade 3. Pamsinkhuwu ena amatha kuwerenga ziganizo zazifupi za Chichewa, pomwe ena amalumikizabe maphatikizo pang'onopang'ono. Ndipo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a m'munsiwa amakhala odzaza. Sewero loyenera ana otere liyenera kutha m'mphindi zitatu kapena zinayi, likwane pabolodi limodzi, ndipo mwana aliyense m'kalasimo akhale ndi ponenapo. Nali limodzi lotero. Lili ndi osewera 7, ndipo kalasi yonse yotsala ndiyo Gulu.

Wofotokoza: Padangokhala.
Gulu: Tili tonse!
Wofotokoza: Padali Agogo ndi mbuzi yawo yoyera.
Gulu: Tili tonse!
Wofotokoza: Tsiku lina anapeza m'khola mulibe kanthu.
Agogo: Mayo ine! Amfumu, mbuzi yanga yathawa m'khola!
Amfumu: Pepani, Agogo. Ana inu, ndani waiona mbuziyi?
Thoko, Chikondi ndi Mphatso (onse nthawi imodzi): Ine! Ine! Kudimba! Kuchigayo! Kukhola!
Amfumu (atseka makutu): Phokoso! Sindikumva kanthu.
Gulu: Mmodzimmodzi! Mmodzimmodzi!
Amfumu: Alankhule amene wagwira ndodoyi. Yamba iwe, Thoko.
Thoko (alandira ndodo): Zikomo, Amfumu. Ndinaona mbuzi ikudumpha khola. Inathamangira kudimba.
Amfumu: Kudimba? Ndani anali kudimba?
Chikondi (alandira ndodo): Ndine, Amfumu. Ndimathirira mpiru. Nditaipirikitsa inathawira kuchigayo.
Amfumu: Kuchigayo? Ndani anali kuchigayo?
Mphatso (alandira ndodo): Ndine, Amfumu. Ndimagayitsa chimanga. Ndinamva kulira kuseri kwa chigayo.
Agogo: Imalira bwanji, mwanawe?
Mphatso: Imati, meee!
Gulu: Meee!
Mbuzi (itulukira kuseri kwa bolodi kapena chitseko): Meee! Chingwe chandikola pachitsa!
Agogo: Mbuzi yanga ija! Zikomo, ana anga. Tiyeni tikaitsekere m'khola.
Amfumu: Mwalankhula mmodzimmodzi, mbuzi yapezeka. Bwalo latha.
Gulu: Zikomo, Amfumu!

Nkhani yake ndi yaing'ono, koma taonani m'mene yamangidwira. Palibe mwana amene akudziwa zonse za mbuziyi. Thoko akudziwa chiyambi, Chikondi pakati, Mphatso mapeto. Akalankhula nthawi imodzi palibe chimene chikumveka, ndipo oonerera amadzionera okha kuti mbuzi siingapezeke chotero. Mphunzitsi safunikanso kulalikira za ubwino wodikirana. Mzere wa phokosowo ndi wadala, ndipo ndi umene ana amaukonda koposa. Aloleni asokoseredi, chifukwa bata limene limabwera ndodo ikatuluka limamveka bwino pokhapokha phokoso litakula.

Chinsinsi chachikulu chili pa mawu omaliza a mzere uliwonse. Thoko akumaliza ndi "kudimba", Amfumu akutola mawu omwewo, ndipo Chikondi amadziwa kuti nthawi yake yakwana akamva "kudimba" kachiwiri. N'chimodzimodzi ndi "kuchigayo" kwa Mphatso. Izi zikutanthauza kuti mwana sangalowe bwino ngati sanamvetsere mnzake, ndipo wolankhulayo sangameze mawu ake omaliza, chifukwa akatero sewero limaima. Ana ambiri amayamba chiganizo mwamphamvu n'kuchitsiriza ndi mpweya wotsalira. Apa mawu otsirizawo ndiwo amene anzawo akuwadikira. Makolo athu ankaidziwa nzeru imeneyi: "tili tonse" wa m'nthano ndi njira yoti omvera asagone, komanso yoti adziwe pamene wokamba wapumira. N'chifukwa chake seweroli layamba ndi mawu amenewa. Ana amawadziwa kale, ndipo mwana wamantha amayamba kutsekula pakamwa ali m'gulu asanalankhule yekha.

Ziganizo zonse ndi zazifupi moti mwana angazinene ndi mpweya umodzi. Muli mawu okhala ndi kh, th ndi ph, monga khola, yathawa, phokoso ndi ndimathirira, chifukwa malembo amenewa ndiwo amasowa mwana akamalankhula mothamanga. Mzere wa Mbuzi uli ndi "chandikola", pomwe wa Agogo wotsatira uli ndi "m'khola". Pofuna kuti ana amve kusiyana kwake, auzeni aike chikhatho patsogolo pa pakamwa anene "kola" kenako "khola". Pa mawu achiwiriwo adzamva mpweya ukuwomba chikhatho. Kwa ana amene kwawo amalankhula chilankhulo china, ndipo Chichewa akuchizolowerera kusukulu, kachitidwe kameneka kamathandiza kuposa kuwabwerezetsa kakhumi.

Tsono tiyeni titenge kalasi ya ana 70 ndi mphunzitsi mmodzi wopanda makina ochulukitsira mapepala. Tsiku loyamba mphunzitsi asalembe kanthu. Angokamba nkhaniyo ngati nthano, akusintha mawu pa munthu aliyense, ana akuyankha mbali ya Gulu. Kenako afunse kuti mbuzi inayamba kuti, inapita kuti, inathera kuti. Ana akatha kunena kuti khola, dimba, chigayo motsatana, theka la ntchito latha, chifukwa woiwala mzere wake adzaupanganso ndi mawu akeake. Tsiku lachiwiri seweroli lilembedwe pabolodi kapena kuseri kwa kalendala yakale, maina a olankhula ndi choko cha mtundu wina, ndipo kalasi iwerenge m'mizere ya mabenchi: mzere uwu ndi Agogo, uwo ndi Amfumu. Tsiku lachitatu ndilo logawa ana m'magulu 10 a ana 7, kutuluka nawo panja, gulu lililonse ndi kandodo kake. Mphindi 10 kapena 15 patsiku ndi zokwanira. Kupitirira apo ana amatopa ndipo mawu amasanduka nyimbo yoloweza.

Maina a Thoko, Chikondi ndi Mphatso ndi a anyamata ndi atsikana omwe, ndipo Amfumu angakhalenso mtsikana, monga zilili m'midzi yambiri. Mbali ya Amfumu ndiyo yolemera, chifukwa ili ndi mizere yambiri. Poyamba ipatsidwe mwana wowerenga bwino, koma isakhale yake mpaka kalekale. Mbali ya Mbuzi ndi yabwino kwa mwana amene salankhulalankhula: mzere ndi umodzi, umayamba ndi kulira koseketsa, ndipo kalasi yonse imausangalalira.

Apa pali nkhani imene ndikufuna ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene imaononga masewero ambiri a ana. Mphunzitsi akati "kweza mawu", mwana amakuwa. Kukuwa si kumveka. Mwana wokuwa amafinya pakhosi, mawu amatuluka othinana, ndipo wa kumbuyo amamva phokoso osamva mfundo. Chimene chimapangitsa mawu kumveka ndi kutsekula pakamwa, kudzutsa chibwano, kupuma pa mpumiro, ndi kuyang'ana kumene mawuwo akupita. Njira yoyesera ndi yosavuta. Khazikani mwana mmodzi pabenchi lomaliza, atembenukire kukhoma kuti asaone bolodi. Wosewera anene mzere wake, koma asinthe malo amodzi mwachinsinsi, mwachitsanzo anene "kudambo" m'malo mwa "kudimba". Wa kumbuyoyo abwereze zimene wamva. Akalondola, mawu afika. Akalephera, musafunse wosewerayo kuti akuwe. Muuzeni anenenso pang'onopang'ono, akuyang'ana mnzakeyo. Ana amadabwa okha kuona kuti mawu odekha amafika kutali kuposa ofuula.

Kudikirana nako kuli ndi chinyengo chake. Ana ena samvetsera n'komwe, amangoloweza kuti "ndimabwera pambuyo pa uje", ndipo mumawazindikira chifukwa milomo yawo imakhala ikung'ung'udza mzere wawo mnzawo akulankhula, kapena amalowa mnzawo asanamalize. Mankhwala ake ndi kusokoneza ndondomeko. Uzani Amfumu mwakachetechete kuti ayambe ndi funso la kuchigayo. Mphatso womvetsera adzalowa, wongoloweza adzangoti kakasi. Ikatha sabata, chotsaninso ndodo ija. Ndodo ndi yothandizira poyambira chabe. Pamapeto pake mwana ayenera kudziwa nthawi yake pomva mawu ndi poona nkhope ya mnzake, popeza pazokambirana zenizeni palibe amene adzamupatsire ndodo.

Pali zina zosayenera kuzilimbana nazo. Ana ambiri a msinkhu uwu mano awo akutsogolo amakhala atangoguluka kapena akungomera kumene, choncho s ndi z zimatuluka mopepera; zimenezo zimatha zokha. Mwana wachibwibwi asamalizilidwe mawu ake, ndi mphunzitsi kapena ndi anzake. Kwa iye lamulo la ndodo ndi chitetezo: malinga ndodo ili m'manja mwake, nthawi ndi yake, ndipo onse adikire. Kawirikawiri mwana wotere amalankhula bwinobwino akamanena pamodzi ndi gulu, choncho ayambire pamenepo, kenako asankhe yekha mbali imene akufuna. Ndipo mwana amene amaphonya nthawi yake mobwerezabwereza ngakhale akuoneka kuti akuyesetsa, makamaka wolankhula akamufulatira, mwina samva bwino. Ameneyo akhale kutsogolo, ndipo makolo ake auzidwe kuti apite naye kuchipatala akamuone makutu.

Magulu 10 sangasewere onse tsiku limodzi, ndipo kuonera sewero lomwelo kakhumi kungatopetse aliyense. Awiri kapena atatu patsiku ndi okwanira, ndipo gulu lililonse lisinthe chiweto ndi malo: nkhuku yothawira kumjigo, nkhumba yolowa m'munda wa chinangwa, bakha wopita kumtsinje. Lamulo ndi limodzi lokha, loti malo amene wolankhula wamalizira ndi amene Amfumu afunse. Oonerera nawo apatsidwe ntchito: sewero likatha, atchule motsatana malo atatu amene chiweto chinadutsa. Popeza malowo ndi atsopano, sangawatchule pokhapokha osewera atawanena momveka ndipo iwo atakhala chete n'kumvetsera.