Nkhuku 100 kuseri kwa nyumba, inu muli ku ofesi

Malipiro akamatha tsiku la 10 lisanafike, munthu amayamba kuganiza za geni. Koma wogwira ntchito mu ofesi ali ndi vuto lomwe mayi wa pa msika alibe: kuyambira 7:30 m'mawa mpaka madzulo, nthawi yake ndi ya abwana. Geni yomuyenera ndi yomwe ingayende iye kulibe. Nkhuku zoyera za nyama ndi imodzi mwa zimenezo, ndipo nawa mafunso omwe anthu amandifunsa kawirikawiri.

Ndiyambe ndi zingati, ndipo mpamba ndiupeze kuti?

Anapiye 100 akukwanani. Amafuna khola la mamita 3 mulifupi ndi 4 mulitali, ndipo amakhala okonzeka kugulitsidwa pa masabata 6. Chomwe chimadya ndalama si anapiye ayi, koma chakudya. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira yakula, choncho konzekerani matumba 8 a makilogalamu 50, kuyambira chakudya cha anapiye mpaka chonenepetsa. Musagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe ndalama ya matumba onsewo isanakwane. Ndaona anthu akutsirizira nkhuku ndi madeya m'sabata yachisanu, nkhukuzo n'kungokhala nthenga zokhazokha. Dikirani ulendo wanu wolandira chipereganyu kapena pogawana ku banki m'khonde. Katapila musamuyandikire, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimameza phindu lonse la masabata 6.

Nanga aziyang'anira ndani ine ndili ku ntchito?

Apa ndiye pagona nkhani. Anapiye amafa kwambiri m'masabata awiri oyamba, pomwe amafuna kutentha usiku ndi usana. Alandireni Lachisanu madzulo kapena Loweruka m'mawa kuti masiku awiri oyamba mukhale nawo nokha, ndipo ngati muli ndi masiku a tchuthi, tenganiko atatu. Kenako phunzitsani wotsala pakhomo kuwerenga anapiyewo ndi maso. Akaunjikana pafupi ndi mbaula akulira, azizidwa. Akathawira m'mbali atatsekula kukamwa, moto wachuluka. Akamwazikana bwinobwino akudya, zili bwino. Khola lisatsekedwe ndi kumwamba komwe, poti utsi wa makala umapha.

Chakudya yezani nokha m'mawa musananyamuke, muike mu ndowa cha tsiku limenelo, matumba mutsekere. Sikuti mukukayikira m'bale wanu, koma mukatero mumadziwa tsiku lomwelo nkhuku zikasiya kudya, ndipo kusiya kudya ndi chizindikiro choyamba cha matenda. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro perekani motsata ndondomeko ya komwe mwagula anapiye, m'mamawa inu mulipo, chifukwa akasungunulidwa m'madzi amatha mphamvu pakangodutsa maola ochepa. Wosamalirayo mumulipire, ngakhale ndi mwana wa achemwali anu.

Mtengo ndiuike bwanji?

Lembani m'kope chilichonse: anapiye, chakudya, katemera, makala, utuchi, kabaza wonyamula matumba, malipiro a wosamalira. Tiyerekeze kuti zonse zakwana K1,140,000 ndipo nkhuku zisanu zafa. Gawani ndi 95, osati 100. Nkhuku iliyonse yakudyerani K12,000, ndipo phindu limayambira pamwamba pa apo. Poitanitsa gulu lachiwiri funsaninso mitengo ya chakudya, chifukwa imasintha nthawi ndi nthawi.

Anzanga a ku ofesi ndiwakongoze?

Iwo ndi msika wanu woyamba, komanso ndi iwo angakugwetseni. Werengani masabata 6 chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lomwe anthu amalandira malipiro, kuti nkhuku zikule matumba ali ndi ndalama. Lembani maina a ofuna pa sabata yachinayi. Ngongole isapitirire nkhuku ziwiri pa munthu, ndipo amene sanalipire za ulendo watha asatengenso. Wonena kuti "ndikuonani mwezi ukatha" muuzeni mwaulemu kuti Airtel Money kapena Mpamba ilipo, atumize theka lero. Kumbukirani kuti nkhuku yokula siidikira: 95 zimatha thumba lathunthu m'masiku atatu okha, choncho zotsala ndi bwino kuzigulitsa motsitsa kwa ophika m'malesitilanti kapena okazinga chipisi kusiyana ndi kuzidyetsa sabata ina.

Abwana akadziwa sindichotsedwa ntchito?

Werengani kalata yanu ya ntchito. Malo ambiri saletsa ulimi kapena geni ya kunyumba. Chomwe amaletsa ndi kupikisana ndi kampani, kugulitsa katundu wanu ku ofesi yomwe inu mumavomereza zogula, ndi kugwiritsa ntchito galimoto, lamya kapena nthawi ya ntchito pa zanu. Ngati kalatayo ikuti muulule, lembani kwa oyang'anira antchito musanayambe. Nkhuku perekani pa geti mutaweruka kapena Loweruka, zisalowe mu firiji ya ku ofesi.