Kuwerengera Mafuta ndi Mtengo wa Kilomita pa Ulendo Wosonkherana

Anthu ogwira ntchito pamodzi akagwirizana zoyendera galimoto ya mmodzi wa iwo pa ulendo wautali, masamu onse amatsamira pa manambala atatu: kutalika kwa ulendo, makilomita omwe galimotoyo imayenda ndi lita imodzi, ndi mtengo wa lita pa tsikulo. Pa atatuwa, mtengo sukhala wovuta kuudziwa, chifukwa ku Malawi bungwe la MERA ndilo limalengeza mtengo wa petulo ndi dizilo, ndipo umalembedwa pa pampu. Kutalika kwa msewu nako kumadziwika. Chimene chimasocheretsa anthu ambiri ndi kamwedwe ka galimoto, chifukwa eni ake ambiri amangonena mwa chizolowezi kuti “yangayi siimwa” osayiyezapo.

Kuyeza kwake kumachitika masiku angapo ulendo usanafike. Mwini galimoto amadzaza thanki mpaka pampu itadula yokha, kenaka amabwezera pa ziro kowerengera ka makilomita kolembedwa TRIP. Amayenda monga mwa masiku onse mpaka mafuta atatsikako ndithu, ndipo amadzazanso mpaka pampu itadulanso. Malita omwe alowa kachiwiriku ndi omwe galimoto yamwa. Ngati TRIP ikuonetsa makilomita 420 ndipo alowa malita 30, kugawa 420 ndi 30 kumapereka 14, kutanthauza makilomita 14 pa lita. Muvi wosonyeza mafuta sungalowe m'malo mwa kuyeza kumeneku. Pa magalimoto ambiri muviwo umachedwa kuchoka pamwamba, kenaka n'kutsika mofulumira ukadutsa pakati, choncho amene amati “ndayendera theka la thanki” sadziwa kwenikweni malita omwe atha.

Magalimoto ena amaonetsa kamwedwe pawokha, koma pamafunika kuona bwino zomwe zalembedwa. Nambala ya km/L ikakwera ndiye kuti galimoto ikusunga mafuta, pomwe ya L/100km ikakwera ndiye kuti ikumwa kwambiri. Kusintha ina kukhala inzake n'kosavuta: 100 amagawidwa ndi nambala yomwe ilipoyo, kotero 8 L/100km ndi chimodzimodzi makilomita 12.5 pa lita. Galimoto zochokera ku Japan zimawerenga makilomita, koma zina zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6.

Chitsanzo chabwino ndi ulendo wa anthu anayi ochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kubwerera, kudzera mumsewu wa M1 wodutsa ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 310, choncho kupita ndi kubwera ndi 620. Pamenepa anthu amaiwala kawirikawiri kuyendayenda kwa m'tauni: kukatenga mnzawo ku Area 25, kukatula wina ku Limbe, kuchoka kogona kupita kumsonkhano. Makilomita 30 akaikidwapo pa zimenezi, ulendo wonse ukhala 650.

Nambala ya 14 ija siyenera kutengedwa momwe ilili. Galimoto yaing'ono yomwe yanyamula anthu anayi ndi zikwama zawo, makina oziziritsa akugwira ntchito, ikukwera zitunda za ku Dedza, singayende ngati momwe imayendera ndi dalaivala yekha. Liwiro nalo limadya mafuta, chifukwa mphepo yolimbana ndi galimoto imakula msanga kuposa momwe liwirolo likukwerera. N'zoona kuti msewu wautali ulibe imaima wa m'tauni, ndipo nthawi zina kamwedwe kamatuluka kabwino kuposa koyezedwa kaja, koma pokonzekera ndi bwino kutsitsako nambala kusiyana ndi kuikweza. Pa chitsanzochi 12.5 ndi yoyenera. Kugawa 650 ndi 12.5 kumapereka malita 52. Kuwonjezerapo malita asanu odzitetezera, pa njira zokhota pomwe msewu ukukonzedwa kapena kuzungulira kofunafuna mafuta, kumafikitsa pa malita 57.

Kudziwa malitawa kumathandizanso kudziwa pomwetsera. Ngati thanki imalowa malita 42, ulendo wopita wokha udya pafupifupi 25, ndipo galimoto ifika ku Blantyre ndi 17. Ikayendayenda m'tauni itsala ndi 14 kapena 15, pomwe kubwerera kukufunikanso 25. Ndiye kuti malita osachepera 15 ayenera kugulidwa ku Blantyre. M'nyengo zomwe mafuta amasowa ndipo mizere imatalika m'malo omwetsera, nzeru ndi yodzaza pongofika, osadikira m'mawa wa tsiku lobwerera. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu amasokoneza masamu onse, chifukwa mtengo wake ndi wina, muyeso wake sutsimikizika, ndipo nthawi zina amakhala osakaniza.

Mtengo wa mafuta pa kilomita umapezeka pogawa mtengo wa lita ndi makilomita a pa lita. Mitengo imasinthasintha, choncho manambala a ndalama otsatirawa ndi ongoyerekeza, ndipo wowerenga aikemo a tsiku la ulendo wake. Lita ikakhala pa K4,000, kugawa ndi 12.5 kumapereka K320 pa kilomita. Pa makilomita 650 ndi K208,000, zomwe zikufanana ndi malita 52 aja kuchulukitsa ndi K4,000.

Magulu ambiri amalekera pomwepa, n'kugawana K208,000 anthu anayi, aliyense K52,000. Kugawana kotere kumaoneka kwachilungamo, koma kumapsinja mwini galimoto. Kilomita iliyonse imadya matayala, imafupikitsa nthawi ya sevisi ndipo imapereseza mabuleki. Ndalama zimenezi sizituluka pa tsiku la ulendo, zimadzatuluka patapita miyezi, ku galaja, anzake aja ataiwala kale kuti anakwerako. Mwini wake amachita manyazi kuzitchula, kuopa kuoneka ngati akuchita malonda ndi anzake, ndipo pakapita nthawi amayamba kupeza zifukwa zokanira galimoto yake.

Kuwerengera kutha kwa galimoto sikufuna ukatswiri, kumangofuna malisiti. Ngati sevisi, kusintha oyilo ndi zosefera, imachitika pa makilomita 5,000 aliwonse ndipo imadya K150,000, ndiye K30 pa kilomita. Matayala anayi a K480,000 akamatha pa makilomita 40,000, ndi K12 pa kilomita. Zina monga mabuleki ndi mashokapu zilibe nthawi yake yeniyeni, choncho zimatengedwa pa chaka chathunthu: ngati chaka chatha zinadya K360,000 galimoto itayenda makilomita 20,000, ndi K18 pa kilomita. Zitatuzi pamodzi ndi K60. Ikaphatikizidwa ndi K320 ya mafuta, mtengo weniweni wa kilomita ndi K380, ndipo ulendo wa makilomita 650 ndi K247,000. Kusiyana kwake ndi K39,000, yomwe ikanagwera munthu mmodzi.

Inshuwalansi ndi mapepala a galimoto a pa chaka ndi nkhani ina. Mwini wake amalipira zimenezi kaya galimoto yayenda kaya yaima pakhomo, choncho pa ulendo wa apo ndi apo palibe chifukwa chozigawira anzake. Phindu nalo lisaikidwepo. Kusonkherana n'kobweza zimene zawonongedwa basi, ndipo inshuwalansi ya galimoto ya munthu payekha nthawi zambiri silola kunyamula anthu ngati matola.

Pali zolipira zomwe sizidalira makilomita. Pamsewu umenewu pali zipata ziwiri zolipiritsa, cha Kalinyeke ku Dedza ndi cha Chingeni ku Ntcheu, ndipo kupita ndi kubwera galimoto idutsa kanayi. Mongoyerekeza K2,000 pa chipata, ndi K8,000. Ndalama zonse zifika K255,000, ndipo aliyense mwa anayiwo, kuphatikizapo mwini galimoto poti nayenso ali pa ulendo wake, apereka K63,750. Magulu ena amamuchotserako dalaivala chifukwa cha kutopa kwa chiwongolero. Zimenezi n'zotheka, bola zigwirizanidwe galimoto isanalizidwe. Chimodzimodzi za chindapusa cha pamsewu: cha kuthamanga mopitirira muyeso chimayenera kukhala cha amene akuyendetsa.

Ubwino wa mtengo wa pa kilomita umaoneka bwino mmodzi akamatsikira panjira. Ngati wina akutsika pa boma la Ntcheu, makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku Lilongwe, ndipo adzakwereranso pomwepo pobwerera, ulendo umadulidwa zigawo, chigawo chilichonse n'kugawidwa kwa amene anali m'galimoto. Chigawo cha Lilongwe mpaka Ntcheu ndi 160 kuchulukitsa ndi K380, yomwe ndi K60,800, ndipo anthu anayi apereka K15,200 aliyense. Makilomita 150 otsalawo ndi K57,000, yogawana atatu, K19,000 aliyense. Wa ku Ntcheu uja, kupita ndi kubwera, apereka K30,400, kuphatikizapo K1,000 ya chipata cha Kalinyeke, chifukwa cha Chingeni chili kutsogolo ndipo iye sachidutsa. Zonse pamodzi ndi K31,400. Otsala atatu agawana K223,600, aliyense pafupifupi K74,500, momwe muli zigawo ziwiri zija, kuyendayenda kwa m'tauni ndi zipata. Kungomuuza wotsikira panjira kuti apereke theka n'kwachidule, ndipo pa ulendo uno kumayandikira, koma pa maulendo ena kumapatuka kwambiri.

Masamu a pasadakhale ndi okonzekera chabe. Kuwerengera komaliza kumachitika pobwerera, ndipo kumaphweka ngati galimoto inanyamuka ndi thanki yodzaza n'kudzazidwanso pofika. Malisiti onse a mafuta ogulidwa panjira, pamodzi ndi lomalizali, ndiwo mafuta enieni a ulendowo, ndipo mafuta oyamba aja sawerengedwa chifukwa abwezedwa. Malita asanu odzitetezera aja akapanda kugwira ntchito, palibe amene amawalipira. Makilomita enieni amawerengedwa pa TRIP, n'kuchulukitsidwa ndi K60 ya kutha kwa galimoto. Mtengo wa mafuta ukasintha ali paulendo, malisiti omwewa ndiwo amathetsa nkhani.

Nthawi zina malita otuluka pamapeto amaposa kwambiri owerengedwa aja, mwina galimoto ya makilomita 14 pa lita n'kupezeka yayenda 9 kapena 10. Kulemera kwa anthu anayi pakokha sikufikitsa pamenepo. Choyamba kuona ndi mpweya wa m'matayala, womwe umayezedwa matayala ali ozizira, motsatira manambala olembedwa pa chimata cha pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto. Kenaka pamabwera chosefera mpweya chodzaza fumbi, mapulagi otopa, ndi buleki yogwira, yomwe imadziwika ndi gudumu limodzi lotentha kuposa anzake galimoto ikangoima. Fungo la petulo kapena dontho pansi pa galimoto ndi chizindikiro cha kutayikira, ndipo galimoto yotero siyenera kuyenda mpaka makaniko ataiona. Matayala a saizi yosiyana ndi yomwe galimoto inabwera nayo amanamizanso kowerengera ka makilomita, ndipo zimenezi zimadziwika poyerekeza nambala ya TRIP ndi mtunda wodziwika wa pakati pa matauni awiri.