Kuwerenga Kandulo Imodzi ya Mtengo wa Mkuwa

Amalonda a mkuwa pa msika wa zitsulo wa ku London amaonetsa mayendedwe a mtengo wa tsiku lathunthu ndi cithunzi conga kandulo. Nzeru imeneyi inacokera kwa amalonda a mpunga a ku Japan.

Thupi la kandulo liyambira pa mtengo wotsegulira msika, ndi kulekezera pa mtengo wotsekera. Likakhala lobiriwira, mtengo unakwera, ndipo ogula ndiwo anapambana. Likakhala lofiira, unatsika, ndipo anapambana ndi ogulitsa. Zingwe ziwiri, ca pamwamba ndi ca pansi, zionetsa pamene mtengo unafika koma osakhalitsapo.

Mwacitsanzo, tani imodzi yatsegulira pa madola 9,000, yakwera kufika 9,300, yatsika kufika 8,900, ndi kutsekera pa 9,050. Thupi ndi lobiriwira koma lalifupi, madola 50 okha. Cingwe ca pamwamba ndi madola 250: ogula anakweza mtengo, koma ogulitsa anaubweza. Ca pansi ndi madola 100: mtengo utagwa, ogula anaudzutsanso.

Motero munthu wopenya ubiriwiri wokha anyengedwa, pakuti cingwe cacitalico ciulula mphamvu ya ogulitsa. Ndiponso kandulo imodzi siilosa za mawa.