Bwana DHO, titumizireni fayilo, osati chithunzi

Magazi a munthu amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo akatengedwa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, sayezedwa pomwepo. Amanyamulidwa pa njinga yamoto kupita ku boma, ena n'kupitirira mpaka ku labotale yaikulu. Kabweredwe ka zotsatira zake ndi kamene kangachititse woyang'anira chipatala kulembera kalata ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Dandaulo lake ndi lakuti ofesiyo imasindikiza ndandanda ya zotsatira pa pepala, n'kuijambula, n'kutumiza chithunzi. Iye akupempha fayilo yeniyeniyo, ya Excel, imene pepalalo linachokera.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Kompyuta ikalandira chithunzi cha pepala siidziwa kuti muli manambala, imangochisunga monga isungira chithunzi cha pa ukwati. Koma mu Excel nambala iliyonse imakhala m'kabokosi kake, moti mutha kuifufuza, kuisanja kapena kuiphatikiza ndi zinzake.

Tiyerekeze kuti pabwera zotsatira za anthu 120 zoonetsa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi. Malire amene anamwino amayang'anitsitsa ndi 1,000 pa mililita imodzi. Amene wadutsa pamenepo amaitanidwa msanga, kulangizidwa za kamwedwe ka mankhwala, ndi kudzayezedwanso pakatha miyezi itatu. Pokhala ndi chithunzi chokha, kalaliki ayenera kulembanso mizere yonse 120 pamanja. Pepala linapindika polijambula, inki inali yotuwa, ndiye 1,200 yalembedwa 120. Ziro mmodzi yekha wasowa, koma mayi amene kachilombo kakuchuluka m'thupi mwake auzidwa kuti zonse zili bwino, apite kwawo. Palibe angazindikire msanga, chifukwa 120 ndi nambala yooneka yabwinobwino. Apa m'pamene pamandiwawa ine. Ikanakhala fayilo, kalalikiyo akanangosanja manambala kuyambira yaikulu, ndipo onse ofunika kuitanidwa akanaoneka pamwamba nthawi yomweyo.

Woyang'anira wodziwa ntchito salekera pa pempho lokhalo, chifukwa Excel nayo ili ndi misampha yake. Nambala ya wodwala ngati 00457 imasanduka 457 ngati bokosilo silinaikidwe pa Text. Tsiku lolembedwa 03/04 wina aliwerenga 3 Epulo, kompyuta ina n'kulitenga ngati 4 Malichi. Choncho kalatayo itchule kuti chaka chizibwera patsogolo, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo munthu aliyense akhale ndi mzere wake.

Palinso chinsinsi cha odwala. Fayilo imafala mosavuta, motero ikhale ndi nambala za odwala m'malo mwa mayina, itsekedwe ndi mawu achinsinsi, ndipo isaponyedwe pa gulu la WhatsApp. Pepala losainidwa lija libwerebe ngati umboni, popeza fayilo munthu atha kuisintha.

Inu a ku ofesi za pa boma, ndandandayo munailemba kale pa kompyuta musanaisindikize. Itumizeni momwe ilili.